Babu liti lomwe likudya mayunitsi anu? Werengani kaye musanagule mababu a LED

Amalume anga amakhala ku Kapata mumzinda wa Chipata, m'nyumba ya zipinda zogona ziwiri, ndipo mwezi uliwonse ukamafika pa 20 nkhani yawo inkakhala imodzimodzi: mayunitsi atha kale, mita yayamba kulira. Tsiku lina anandiitana n'kunena kuti, "Mphwanga, anthu akuti ndisinthe mababu onse ndiike a LED. M'nyumba muno muli mababu 8. Ndisanatulutse ndalama yanga ya penshoni, undiuze kuti ibwerera liti."

Funso limeneli ndi loyenera, ndipo yankho lake silikhala pa bokosi la babu. Pabokosi amalemba kuti babulo limachepetsa magetsi ndi 80 kapena 85 pa 100 iliyonse, ndipo poyerekeza ndi babu lakale la kawaya kotentha zimenezo n'zoona. Koma bokosi silidziwa kuti babu lanu limayaka maola angati, silidziwanso mtengo umene inuyo mumagulira yunitsi. Zinthu ziwirizi n'zimene zimasiyanitsa babu lobweza ndalama yake m'milungu isanu ndi babu lofuna zaka zisanu. Ndikuonetsani mmene tinawerengera kwa amalume, kuti muchite chimodzimodzi kwanu. Mufunika kope, cholembera, foni yokhala ndi kalikyuleta, ndi malisiti a mayunitsi a mwezi wathunthu.

Choyamba: zungulirani nyumba, lembani babu lililonse

Zimitsani swichi, dikirani babu lizizire, kenako werengani zimene zalembedwa pagalasi kapena pakhosi pake. Mukufuna nambala yotsatana ndi chilembo cha W, monga 60W kapena 100W. Amenewo ndi mawati, kutanthauza mphamvu imene babulo limakoka nthawi iliyonse likayaka. Lembani chipinda, mtundu wa babu ndi mawati ake, mzere umodzi babu limodzi.

Mababu akale alipo a mitundu itatu m'nyumba zathu. Pali lagalasi lokhala ndi kawaya mkati, lija limatentha moti simungaligwire. Mphamvu yake yambiri imathera pa kutenthako, kuwala n'kochepa chabe. Boma la Zambia linaletsa kubweretsa mababu otere m'dziko mu 2016, komabe akadalipo m'nyumba zambiri, makamaka panja ndi m'zimbudzi. Pali enaje seva, lija lopotanapotana, lomwe nthawi zambiri limakhala la mawati 11 mpaka 20. Ndiye pali chubu chachitali cha pabalaza kapena kukhitchini. Chubu chimanamiza pang'ono: pagalasi palembedwa 36W, koma m'chitsulo chake muli kabokosi kolemera kamene amisiri amati tchoko, ndipo nako kamadya mawati pafupifupi 9. Choncho chubu chakale cha mafiti 4 muchiwerengere mawati 45.

Chachiwiri: maola, ndipo apa musadzinamize

Apa m'pamene anthu ambiri amaphonya. Munthu ukamufunsa kuti babu la kukhitchini limayaka maola angati, amayankha zimene akufuna kuti zizichitika, osati zimene zimachitika. Amalume anandiuza kuti la m'kolido limayaka "nthawi yochepa chabe, pogona ana". Akazi awo anaseka, amvekere, "Abambo, babu limenelo limachezera usiku wonse. Adzukulu amaopa mdima popita kuchimbudzi." Linkayaka kuyambira 20 koloko mpaka 6 koloko m'mawa, maola 10 tsiku lililonse, ndipo mwini nyumba samadziwa chifukwa amagona msanga.

Ndiye musafunse munthu mmodzi. Matani pepala pafupi ndi swichi iliyonse kwa masiku atatu kapena anayi, limodzi likhale Loweruka kapena Lamlungu, ndipo aliyense woyatsa kapena kuzimitsa alembe nthawi. Ana asukulu amaikonda ntchito imeneyi. Pomaliza phatikizani maola onse a babu lililonse, mugawe ndi masiku amene mwalemba.

Muwerenge maola okhawo amene babu linayakadi. Ngati malaiti apita kuyambira 18 koloko mpaka 22 koloko, maola 4 amenewo mita sinadye kanthu, ngakhale swichi inali yoyatsa. Tonse tikukumbukira 2024, chilala chitachepetsa madzi ku Kariba, pamene magetsi ankasowa maola ochuluka tsiku lililonse. M'nyengo yotere ndalama imene LED imapulumutsa imachepa, chifukwa babu lakalelo nalonso silikuyaka. N'chifukwa chake ine ndimawerengera kawiri, mwezi wa magetsi okhazikika ndi mwezi wa kuzimazima, kuti munthu adziwe malire onse awiri.

Chachitatu: sankhani babu lolowa m'malo potengera kuwala

Pogula LED musayang'ane mawati okha. Fufuzani nambala yotsatana ndi zilembo za lm, imene imanena kuchuluka kwa kuwala, malumeni. Babu lakale la mawati 60 limatulutsa malumeni pakati pa 700 ndi 800, ndipo LED yabwino ya mawati 9 imafika pomwepo. La mawati 100 limafuna LED ya mawati 13 mpaka 15, ya malumeni 1,300 kapena kupitirira. La mawati 40 limafuna LED ya mawati 5 kapena 6. Chubu cha mawati 36 chimalowedwa m'malo ndi chubu cha LED cha mawati pafupifupi 18.

Chifukwa chake ndikulimbikira mfundoyi n'chakuti masamu amakoma kwambiri mukasankha kababu kakang'ono, koma ngati amayi sangathe kuona bwinobwino posankha nyemba, mawa lomwe adzabwezeretsa babu lakale, ndipo ndalama yanu yapita pachabe. Komabe si malo onse ofuna kuwala kofanana ndi kwakale. M'kolido mwa amalume munali babu la mawati 60 chifukwa ndi lomwe linapezeka tsiku limenelo; ntchito yake ndi yongoti mwana aone chitseko, ndiye tinasankha la mawati 5. Onaninso khosi la babu musanapite ku Down Shops kapena kumsika: la timapini tiwiri pabokosi limalembedwa B22, lopotokola limalembedwa E27.

Chachinayi: sandutsani mawati kukhala mayunitsi

Yunitsi imodzi imene mumagula ku ZESCO ndi mawati 1,000 atagwira ntchito kwa ola limodzi. Pa lisiti ndi pa mita imalembedwa kWh. Babu la mawati 100 likayaka maola 10 ladya yunitsi imodzi. La mawati 10 lifunika maola 100 kuti lidye yunitsi yomweyo. Masamu onse agona pamenepa.

Chotsani mawati a babu latsopano pa mawati a babu lakale. Zotsalazo muchulukitse ndi maola a tsiku limodzi, kenako ndi masiku 30, pomaliza mugawe ndi 1,000.

```
(W akale − W atsopano) × maola × 30 ÷ 1000 = kWh pamwezi
```

Tiyambe ndi mababu apanja a amalume, amene timati asekyulite. Analipo awiri, kumaso ndi kuseri kwa nyumba, lililonse la mawati 100, oyaka kuyambira cha m'ma 18:30 mpaka 05:30, maola 11. Olowa m'malo ake anali a mawati 15. Kusiyana ndi mawati 85. Kuchulukitsa 85 ndi 11 kumapereka 935, ndi masiku 30 kumapereka 28,050, ndipo tikagawa ndi 1,000 tipeza mayunitsi 28 ndi pang'ono pa babu limodzi. Awiriwo pamodzi ndi mayunitsi 56 pamwezi.

```
(100 − 15) × 11 × 30 ÷ 1000 = 28.05
```

La m'kolido linachoka pa 60 kufika pa 5, kusiyana kwa mawati 55, maola 10 pa tsiku: mayunitsi 16.5. La kukhitchini, 60 kufika pa 9, maola 4: mayunitsi 6.1. La kuchipinda kwa ana, 60 kufika pa 9, maola 3: mayunitsi 4.6. Chubu cha pabalaza, 45 kufika pa 18, maola 5: mayunitsi 4 ndi pang'ono. La kuchimbudzi linali la mawati 60 nalonso, koma pa tsiku lonse limangoyaka theka la ola, ndiye linapereka mayunitsi 0.8 okha. Kuchipinda kwa amalume kunali kale enaje seva ya mawati 15 yoyaka maola awiri. Kuisintha n'kuika LED ya mawati 9 kunangopulumutsa mayunitsi 0.4 pamwezi wathunthu.

Zonse pamodzi ndi mayunitsi 88 ndi theka. Koma taonani mmene agawikira. Mababu atatu okha, awiri apanja ndi la m'kolido, atenga mayunitsi pafupifupi 73. Asanu otsalawo agawana 16. La kuchimbudzi ndi la kukhitchini anali ofanana ndendende, onse a mawati 60, koma la kukhitchini linapulumutsa kasanu ndi katatu kuposa linzake chifukwa cha maola basi. Amalume ataona pepalalo anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Ndiye kuti wakuba wanga amagona panja."

Chachisanu: pezani mtengo weniweni wa yunitsi yanu

Gawo ili ndi lomwe ndikufuna mulimvetse kuposa ena onse, chifukwa ngakhale anthu odziwa masamu amalakwitsa pano.

Magetsi apanyumba sagulitsidwa pa mtengo umodzi. Mitengo imavomerezedwa ndi ERB, bungwe loyang'anira nkhani za magetsi ndi mafuta m'Zambia, ndipo inaikidwa m'magawo: mayunitsi oyamba pamwezi ndi otchipa kwambiri, ndipo mukadutsa malire ake mumalowa m'gawo lodulirapo, kenako lina lodula kuposa pamenepo. M'zaka zaposachedwapa gawo lotchipalo lakhala la mayunitsi 100 oyamba. N'chifukwa chake K100 ya pa 1 mwezi imakupatsani mayunitsi ambiri kuposa K100 ya pa 22. Mita sinakubereni, mwangokwera gawo. Mwezi watsopano ukayamba, kuwerengako kumayambiranso pansi.

Tsono mukachepetsa magetsi, mayunitsi amene mwasiya kugula si otchipa aja a kumayambiriro kwa mwezi. Amenewo muzigulabe. Amene mwasiya kugula ndi omalizira, odula aja. Choncho mtengo woyenera kuugwiritsa ntchito ndi wa pa lisiti lomaliza la mwezi, osati loyamba, osatinso wa pakatikati.

Tengani lisiti lomalizalo, kapena uthenga umene unabwera pafoni mutagula. Gawani ndalama yonse imene munalipira ndi mayunitsi amene munalandira. Njira imeneyi ndi yabwino kuposa kuwerenga mtengo wolengezedwa, chifukwa misonkho imakhala italowa kale m'ndalama imene munatulutsa m'thumba. Chenjerani ndi zinthu ziwiri. Ngati pa lisiti pali ndalama yodulidwa ya ngongole yakale, ichotseni kaye musanagawe. Ndipo ngati lisitilo likuonetsa kuti kugula kumodzi kunadumpha malire, mayunitsi ena pa mtengo wotsika ndi ena pa wokwera, tengani lisiti lina lomwe lili lonse m'gawo limodzi.

Mitengo imasintha, ndiye manambala amene ndigwiritse ntchito apa ndi achitsanzo, osankhidwa kuti masamu aoneke bwino; inu muike a pa lisiti lanu. Tinene kuti kumayambiriro kwa mwezi K50 inagula mayunitsi 100, ndiye kuti yunitsi ndi 50 ngwee. Kumapeto kwa mwezi K100 inagula mayunitsi 80, ndiye kuti yunitsi ndi K1.25.

Nyumba ya amalume inkadya mayunitsi pafupifupi 260 pamwezi. Tikachotsa 88 patsala 172, ndipo 172 akadali pamwamba pa 100. Ndiye kuti mayunitsi onse opulumutsidwa ndi a K1.25, ndipo 88.5 kuchulukitsa ndi K1.25 ndi K110 ndi ngwee zingapo pamwezi. Tikadatenga mtengo wa lisiti loyamba tikadapeza K44 yokha, n'kuganiza kuti ntchitoyo ndi yosapindulitsa kwenikweni.

Koma nyumba yodya magetsi ochepa iwerengere mosamala mbali inayo. Tiyerekeze banja la ku Mchini lomwe limagula mayunitsi 130 pamwezi, ndipo masamu a mababu aonetsa kuti lipulumutsa 60. Mayunitsi 30 oyamba kuchotsedwa ndi odula aja, kuchoka pa 130 kufika pa 100: amenewo ndi K37.50. Ena 30 akuchotsedwa m'gawo lotchipa, pa 50 ngwee: K15. Pamodzi ndi K52.50, osati K75 imene akanapeza pochulukitsa 60 ndi K1.25. Ndipo banja lomwe silifika n'komwe pa mayunitsi 100 liwerengere zonse pa mtengo wotsika. Magetsi opulumutsidwa ndi omwewo, koma ndalama yake ndi yochepa, ndipo babu limachedwa kubweza mtengo wake. Ndi bwino munthu adziwiretu zimenezi kusiyana n'kudzakhumudwa pambuyo pake.

Chachisanu ndi chimodzi: ndalama ibwerera liti?

Tsopano funso la amalume. Pa babu lililonse palokha, gawani mtengo wogulira ndi ndalama imene likupulumutsa pamwezi. Yankho lake ndi miyezi.

```
mtengo wa babu ÷ (kWh pamwezi × mtengo wa yunitsi) = miyezi
```

Mitengo ya mababu nayonso ndi yachitsanzo: tinene K45 la mawati 15, K30 la mawati 9, K25 la mawati 5, ndi K90 chubu cha LED. Babu limodzi lapanja likupulumutsa mayunitsi 28 a K1.25, yomwe ndi K35 pamwezi. K45 kugawa ndi K35 ndi mwezi umodzi ndi masiku pafupifupi 9. La m'kolido likupulumutsa K20 ndi pang'ono, ndiye K25 yake ibwerera m'milungu isanu. La kukhitchini lifuna miyezi inayi, la ana miyezi isanu ndi masiku ochepa.

Kuchokera pamenepo nkhani imasintha. Chubu cha pabalaza chikupulumutsa K5 pamwezi, ndiye K90 ifuna chaka ndi theka, tisanawerengere ndalama ya mmisiri. La kuchimbudzi silifika n'komwe pa K1 pamwezi: miyezi yoposa 30. Enaje seva ya kuchipinda kwa amalume ikupulumutsa 45 ngwee pamwezi, ndipo K30 ingabwerere patapita zaka zisanu ndi theka.

Malangizo anga kwa amalume anali akuti agule mababu atatu tsiku lomwelo, awiri apanja ndi la m'kolido, pa K115. Atatuwo amapulumutsa K90 pamwezi. Ndalama imene yatsala m'thumba mwezi wotsatira igule la kukhitchini ndi la ana. Enawo asiyidwe mpaka atapsa okha, ndipo akapsa m'pamene alowedwe m'malo ndi LED. Kuchotsa enaje seva yomwe ikugwira bwino ntchito m'chipinda choyaka maola awiri, ine ndimakuona ngati kutaya ndalama, ngakhale wogulitsa angakuuzeni zina.

Nanga mwezi wa kuzimazima? Tinayesa kuika maola 7 m'malo mwa 11 pa mababu apanja. Mayunitsi anatsika kuchoka pa 56 kufika pa 36, ndalama kuchoka pa K70 kufika pa K45 pa awiriwo. K90 yogulira awiriwo ibwerera m'miyezi iwiri. Ngakhale m'nyengo yovuta, mababu apanja amakhalabe oyamba pamzere. Kwa amene ali ndi batire ndi inivetala phindu lake limaoneka mwanjira inanso: mababu awiri a mawati 100 amakoka mawati 200 pa batire, pamene a LED amakoka 30, ndiye batire lomwelo limatha kufika m'mawa.

Pali ndalama ina imene sitinaiwerengere, ya kugula mababu mobwerezabwereza. Babu la kawaya limapangidwa kuti likhale maola pafupifupi 1,000. Pa maola 11 usiku uliwonse, amenewo ndi miyezi itatu, kutanthauza mababu anayi pachaka pamalo amodzi. Mabokosi a LED amalonjeza maola 15,000 kapena 25,000, zomwe pa maola 11 zingakhale zaka zitatu ndi theka kapena kuposa. Ine lonjezo limeneli sindiliika m'masamu. Mababu a LED amaopa kutentha, ndipo m'chigalasi chotsekeka cha panja, m'dzuwa la Okutobala kuno ku Chipata, timbali ta mkati mwake timatopa msanga. Amaopanso madzi a mvula olowa m'holuda, ndi mphamvu ya magetsi yobwera mwadzidzidzi malaiti akamabwerera. Choncho ndimawerengera ngati babu likhala chaka chimodzi chokha. Ngati likubweza mtengo wake chaka chisanathe, ligulidwe msanga. Likakhala zaka zitatu, imeneyo ndi basera.

Chachisanu ndi chiwiri: funsani mita ngati masamu anena zoona

Anthu ambiri amayesa poyerekeza ndalama ya mwezi uno ndi ya mwezi watha, ndipo nthawi zambiri amasokonezeka. Mbale imodzi ya sitovu imakoka mawati 1,000 mpaka 2,000, giza imakoka 2,000 kapena 3,000, nsimbi ndi ketulo nazonso zimaposa 1,000. Kuphika nyemba pasitovu kangapo makala atadula, kapena kuyatsa hita m'kuzizira kwa Juni, kungameze zonse zimene mababu apulumutsa, inu n'kumati LED ndi bodza. Kuyesa kwabwino ndi kwa usiku umodzi kapena kwa mphindi zochepa.

Njira ya usiku ndi yosavuta. Musanasinthe mababu, lembani mayunitsi otsala pa mita nthawi yogona, onse atamaliza kuphika ndi kusita, giza ili yozimitsa. Lembaninso m'mawa wina asanayatse ketulo. Chitani zimenezi mausiku awiri, kenako sinthani mababu n'kubwereza pa nthawi zomwezo. Filiji isiyeni mmene imakhalira, chifukwa ikudya mofanana mausiku onsewo. Kwa amalume tinkayembekezera kuti kuyambira 22 koloko mpaka 5 koloko, maola 7, mababu atatu aja apulumutse mawati 225 kuchulukitsa ndi 7, pafupifupi mayunitsi 1.6. Mukapeza kusiyana koyandikira nambala imene munawerengera, masamu anu ali bwino. Mukapeza kuti mayunitsi akuthabe kwambiri usiku, pali china chimene chikudya: giza yoiwalika, filiji ya mphira wachitseko wotha, kapena waya wopita ku kanyumba ka kuseri.

Njira ya mphindi zochepa imafuna kagetsi kofiira kamene kamaphethira pa mita. Pafupi nako pamalembedwa nambala monga 1000 imp/kWh, kutanthauza kuti kakaphethira ka 1,000 yunitsi imodzi yatha. Zimitsani chilichonse m'nyumba, zulani filiji, TV, dikoda ndi matchaja kukhoma, musiye babu lokhalo lomwe mukuliyesa. Werengani masekondi kuchokera pa kuphethira kumodzi kufika pa kotsatira.

```
W = 3600 ÷ masekondi   (1000 imp/kWh)
```

Babu la mawati 60 lichititsa kagetsiko kuphethira kamodzi pa mphindi iliyonse. Awiri a mawati 100 pamodzi, masekondi 18 aliwonse. Awiri a mawati 15, mphindi ziwiri zilizonse. Ngati mita yanu yalembedwa nambala ina, monga 1600, gawani 3,600,000 ndi nambala imeneyo, ndipo yankho lake lilowe m'malo mwa 3600. Mukamaliza musaiwale kubwezera filiji.

Njira yomweyi imagwira mababu onama. Pamsika pamapezeka mababu otchipa olembedwa 15W koma okoka mawati 9 kapena 10. Babu loona la mawati 15 likayaka lokha, kagetsi kaphethira pa mphindi zinayi zilizonse; kakamatenga mphindi zisanu ndi imodzi, ndiye kuti ndi la mawati 10. Wina angaganize kuti wapindula poti likudya zochepa, koma walipira mtengo wa babu lalikulu n'kulandira kuwala kwa laling'ono, ndipo babu lonamiza pa mawati kawirikawiri silikhalitsanso. Pogula sankhani bokosi lolemba malumeni, pemphani kuti aliyese muli pomwepo, ndipo sungani lisiti.

Za mita yogawana, ndi zina zing'onozing'ono

M'makomboni ambiri mabanja atatu kapena anayi amagwiritsa mita imodzi, ndipo kusonkha kumatengera zipinda kapena kuchuluka kwa mababu ndi zipangizo. Pamenepo mukagula LED nokha, phindu lake mugawana ndi anzanu onse, inu n'kulandira gawo limodzi mwa magawo anayi. Masamu a babu sasintha, chosintha ndi thumba limene ndalamayo ikugwera. Chothandiza ndi kukhala pansi ndi alandilodi ndi anzanu a lendi, pepala lili m'manja, n'kuyamba ndi babu lapanja lomwe nonse mumaligwiritsa ntchito. K45 yogawana anthu anayi si yolemera, ndipo mayunitsi 28 pamwezi aoneka kwa aliyense. Ngati kusonkha kuli kwa babu lililonse, ndi chilungamo kuti wa LED ya mawati 9 asalipire mofanana ndi wa babu la mawati 60.

Chubu cha LED musangochilowetsa m'chitsulo chakale. Machubu ena amafuna kuti muchotse sitata, kachipangizo kakang'ono koyatsira chubu chakale, n'kuika ina imene imabwera m'bokosi, ena amafuna kuti tchoko idumphidwe polumikiza mawaya mwatsopano. Werengani pepala la m'bokosi, ndipo ngati pakufunika kugwira mawaya, itanani mmisiri wa magetsi; mawaya athu amanyamula mavoti 230, okwanira kupha munthu. Ndalama ya mmisiriyo muiphatikize pa mtengo wa chubu musanagawe. Enaje seva ndi machubu akale muli mekyule pang'ono mkati, yomwe ndi poizoni, choncho musawaswe, ndipo ana asaseweretse.

Chomaliza n'chakuti maola asakwere mukasintha. Ndaonapo nyumba zimene babu lapanja layamba kuyaka usana wonse chifukwa eni ake akuti LED sidya kanthu. Babu la mawati 15 loyaka maola 24 limadya mayunitsi pafupifupi 11 pamwezi m'malo mwa 5. Likadali pansi kwambiri poyerekeza ndi 33 a babu lakale, koma K7 ikutayika mwezi ndi mwezi pa babu lililonse, ndipo maola a moyo wake akutha kawiri msanga. Kwa amalume ntchito yozimitsa mababu apanja m'mawa inapatsidwa kwa mdzukulu wamkulu, amene amadzuka 05:30 kukonzekera sukulu, ndipo pepala la masamu lija analimata mkati mwa chitseko cha kabati, pambali pa malisiti, kuti mitengo ikadzasintha adzangosintha nambala imodzi ya K1.25 n'kuwerengeranso.